Kupempha Maminitsi a Msonkhano Umene Palibe Analembapo Kanthu

Tiyerekeze komiti ya pagombe, ija timaitcha BVC, pa gombe lina la nyanja ya Malombe. Ili ndi mamembala 11 ndipo inakumana masabata awiri apitawo pansi pa mtengo wa mango. Inu ndinu membala koma tsikulo munali kumaliro ku Namwera. Mwabwerako mwamva kuti komiti inaika chindapusa kwa aliyense wopezeka akukoka ndi ukonde wa udzudzu. Wina akuti ndi K20,000, wina akuti K15,000, ndipo wachitatu akunenetsa kuti nkhaniyo anangoiyamba, sanaimange. Pepala palibe amene wakupatsani, mawu palibe anajambula pa foni, ndipo mndandanda wa zomwe anagwirizana sunaoneke. Chonsecho, msodzi mmodzi walipitsidwa kale.

Makomiti a pagombe anayamba ku Malombe komweku mu 1993, ndipo mphamvu yawo imadalira kuti asodzi akhulupirire kuti lamulo lomwe akulipitsidwa nalo linagwirizanidwadi. Njira yomwe ikutsatirayi ikugwiranso ntchito ku komiti ya sukulu, ya mjigo, ya chitukuko cha m'mudzi ngakhale ku banki nkhonde.

Choyamba: dziwani chimene chikusowa

Mawu akuti "maminitsi kulibe" amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mapemphedwe ake. Mwina mlembi analemba mothamanga pa kapepala kapena kumapeto kwa kope koma sanakopere m'buku la komiti. Mwina analemba zonse bwinobwino koma wina sakufuna kuti zioneke. Kapena tsikulo palibe anagwira cholembera n'komwe, chifukwa mlembi sanabwere ndipo wapampando anaiwala kusankha womugwirira.

Musayambe ndi funso lakuti "Maminitsi ali kuti?" Funso limeneli yankho lake limakhala limodzi, lakuti "Tikonza", ndipo mudzalimva mpaka mvula igwe. Funsani chinthu chomwe munthu angayankhe kuti inde kapena ayi: "Kodi tsiku lija alipo amene ankalemba?" Akati alipo, funsani kuti analemba pati, ndipo pepalalo lili ndi ndani lero. Mafunso awiri amenewa akukuuzani kale kuti muli pa vuto liti mwa atatu aja.

Ngati kapepala kalipo, ntchito yachepa. Pemphani kukajambula ndi foni momwe kalilimo, ndi zofufutafufuta zake zomwe, mlembi asanakakopere. Chomwe chinalembedwa msonkhano uli mkati chimaposa chokonzedwa bwino patapita masabata, chifukwa pokopera munthu amawongola mawu mosadziwa, ndipo powongolapo tanthauzo limasuntha.

Chachiwiri: pemphani kwa mlembi, pakamwa kaye, kenako polemba

Maminitsi ndi udindo wa mlembi. Mukadumpha n'kupita kwa wapampando kapena kwa amfumu, mlembi amamva ngati mwakamunenera, ndipo munthu amene akuona kuti wayalutsidwa amayamba kudziteteza m'malo mothandiza. Mupezeni payekha, osati pa doko pomwe anthu akugulitsana nsomba. Alembi a makomiti athu ambiri ndi ongodzipereka, salandira kanthu, ndipo nthawi zina ngakhale cholembera amagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Kulankhula nawo mokumbukira zimenezi kumatsegula pakamwa.

Mukatha kulankhulana, tumizani uthenga tsiku lomwelo, pa WhatsApp kapena uthenga wamba wa pafoni, kuti pempho lanu likhale ndi tsiku. Ungaoneke chonchi:

"A mlembi athu, zikomo chifukwa cha kucheza kwathu m'mawa uja. Ndikupempha maminitsi a msonkhano wa komiti womwe unachitika Lachiwiri pa 4 mwezi uno pagombe. Makamaka ndikufuna mfundo ya chindapusa cha ukonde wa udzudzu: ndalama zingati, chiyamba liti, ndipo wosunga ndalamazo ndani. Ndikufunsa chifukwa msodzi wina walipira kale ndipo anthu akutchula ndalama zosiyana. Ngati tsikulo simunathe kulemba, ndiuzeni momasuka kuti tithandizane njira ina. Ndingakondwe kumva pofika Lachiwiri likubwerali."

Uthengawu uli ndi zinthu zomwe anthu amakonda kusiya. Ukutchula tsiku ndi malo a msonkhano, chifukwa komiti imakumana kambirimbiri ndipo "msonkhano uja" ungakhale uliwonse. Ukutchula mfundo imodzi yomwe mukuifunadi, osati zonse, kotero mlembi sangaone ngati mwamusenzetsa thumba la chimanga. Ukupereka chifukwa. Ukuika malire a masiku 7, omwe ndi okwanira kuti munthu afufuze m'nyumba mwake koma osatalika mpaka anthu kuiwala. Koma chiganizo chofunika kuposa zonse ndi chija chakuti "ngati simunathe kulemba, ndiuzeni momasuka". Mukachisiya, mlembi wamanyazi amakhala pansi usiku n'kulemba maminitsi a m'mutu mwake, n'kuikapo deti ya tsiku la msonkhano, n'kukupatsani ngati enieni. Zikatero muli ndi pepala looneka lovomerezeka lomwe palibe angadziwe kuti muli zoona zingati, ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa kusowa pepala.

Chachitatu: akavomera kuti sanalembe, sinthani pempho

Apa simukupemphanso maminitsi, chifukwa kulibe. Mukupempha kuti komiti ilole kusonkhanitsa zomwe anthu akukumbukira, zilembedwe, ndipo zidzawerengedwe pa msonkhano wotsatira. Pitani limodzi ndi mlembi kwa wapampando kuti avomereze ntchitoyi, ndipo asankhe anthu awiri oigwira. Mmodzi akhale mlembi, wina akhale membala yemwe analipo koma nkhani ya chindapusayo siikumukhudza mwachindunji. Msungichuma asakhale m'gulu la awiriwa ngati mkangano uli pa ndalama, ndipo inunso wopempha ndi bwino mukhale pambali ngati muli ndi mbali yomwe mwaima.

Musanene kwa mlembi kuti "ingolembani zomwe mukukumbuka". Munthu mmodzi amakumbuka bwino zomwe iye analankhula ndi zomwe ankafuna kuti zichitike, ndipo pakapita masabata awiri amakhala wamva kale nkhaniyo ikufotokozedwa kangapo pa msika, mpaka sathanso kusiyanitsa zomwe anamva pamsonkhano ndi zomwe anamva pambuyo pake. Si bodza ayi, ndi mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. N'chifukwa chake tsiku lililonse lomwe mukuchedwa likukudyerani umboni.

Chachinayi: yambani ndi zinthu, anthu pambuyo

Msonkhano, ngakhale wopanda maminitsi, umasiya mapazi. Musanafunse aliyense, sonkhanitsani zomwe zingagwirike ndi manja.

Yambani ndi uthenga woitanira anthu. Umakuuzani tsiku, nthawi, ndipo kawirikawiri nkhani zomwe zinayenera kukambidwa. Funsani ngati panayenda pepala losainira obwera. Ngati panali alendo ochokera ku bungwe lina kapena panagulidwa zakumwa, pepala lotere silisowa, chifukwa wogula amafuna umboni wa ndalama zomwe anawononga. Funsaninso za zithunzi. Achinyamata amakonda kujambula, ndipo chithunzi cha pafoni chimasunga deti ndi nthawi, komanso chimaonetsa nkhope za amene analipo. Samalani pamenepa: chithunzi chikadutsa pa WhatsApp, deti yomwe mumaona ndi ya tsiku lomwe munachilandira, choncho kaoneni pa foni yomwe inajambula.

Kenako buku la msungichuma ndi malisiti. Mu nkhani yathuyi, tinene kuti m'bukumo mwalembedwa K15,000 yomwe inalandiridwa kwa msodzi uja patapita masiku asanu msonkhano utachitika. Umenewu ndi umboni wamphamvu wa zomwe msungichuma anamva, koma si umboni wa zomwe komiti inagwirizana. Mwina anamuchotsera chifukwa anadandaula, mwina analipira gawo chabe. Lembani kuti bukulo likuti chiyani, osawonjezera tanthauzo.

Ngati mlangizi wa za usodzi analipo, mufikeni. Alangizi amayenda ndi kabuku kawo chifukwa amayenera kupereka malipoti kuofesi, ndipo mizere itatu ya m'kabukuko ingathetse mkangano wonse. Chimodzimodzinso mlembi wa amfumu, ngati a gulupu kapena nthumwi yawo anabwera.

Chachisanu: funsani anthu mmodzimmodzi

Pano ndi pamene ntchito imakomera kapena kuwonongekera. Mukaitana onse pamodzi n'kufunsa kuti "tinagwirizana chiyani?", woyamba kulankhula amakhala wamkulu kapena mwini makoka ambiri, ndipo ena onse amangoti "eya, n'zomwezo". Palibe mlovi, msodzi wogwira ntchito pa zida za wina, amene angatsutse bwana wake pagulu. Mapeto ake mwamva munthu mmodzi kasanu n'kumaganiza kuti muli ndi mboni zisanu.

Sankhani anthu asanu mwa omwe analipo, osiyanasiyana: wapampando, msungichuma, mayi wogula ndi kuyanika nsomba, mwini zida, ndi mlovi. Mufikeni aliyense payekha, ndipo yesetsani kumaliza onse m'masiku awiri kuti asakambirane mayankho. Onani nthawi yawo. Amene agwira ntchito usiku panyanja amagona masana, ndipo Lachisanu masana ambiri kuno amakhala ali ku mzikiti. Ngati wina wasamukira ku gombe lina kutsata nsomba, monga amachitira asodzi opita ku Makanjira kapena ku Monkey Bay, muimbireni foni m'malo modikira kuti abwere.

Aliyense mumufunse mafunso omwewo, motsatana momwemo. Analipo ndani? Munakamba nkhani ziti? Pa nkhani ya ukonde wa udzudzu, zinatha bwanji? Ndani anatchula ndalama, ndipo anatchula zingati? Panali kukweza manja, kapena wapampando anangoti tapitirira? Anapatsidwa ntchito ndani, yoti aimalize liti?

Funso lisakhale ndi yankho mkati mwake. Mukati "Si paja munagwirizana K20,000?", munthu waulemu amavomera kuti asakukhumudwitseni. Nenani kuti "Ndalama zake zinali zingati?" ndipo mukhale chete. Akati sakukumbuka, lembani kuti sakukumbuka. Yankho limeneli ndi labwino, lisakuchititseni kumukumbutsa.

Funso la kukweza manja lili ndi ntchito yaikulu. Mikangano yambiri ya maminitsi imabadwa chifukwa anthu amasokoneza maganizo omwe wina anapereka ndi mfundo yomwe komiti inamanga. Mwini makoka ataimirira n'kunena mwamphamvu kuti chindapusa chikhale K20,000, anthu n'kuwomba m'manja, theka la anthu limapita kwawo likudziwa kuti zatha. Theka lina limakumbuka kuti mayi wina anati ndalamazo zachuluka, wapampando n'kuti tidzaonanso, kenako kunayamba kuda. Magulu onsewa akunena zoona pa zomwe anaona.

Kumbukiraninso chilankhulo. Misonkhano yambiri kuno imayenda m'Chiyao ndi m'Chichewa mosinthana, pamene maminitsi amalembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ngati mawu omanga mfundo ananenedwa m'Chiyao, alembeni momwe ananenedwera, tanthauzo lake pansi pake. Kusiyana kwa "tiyenera kutero" ndi "tingathe kutero" kumatayika mosavuta pomasulira, ndipo chindapusa chonse chingaime pa kusiyana kumeneko.

Mukamaliza ndi munthu, muwerengereni zomwe mwalemba kuti avomereze kapena akonze pomwepo.

Chachisanu n'chimodzi: lembani, ndipo pepalalo linene lokha chimene lili

Pamwamba pa pepala pasalembedwe "Maminitsi" basi. Palembedwe motere:

"Zokumbukira za msonkhano wa komiti wa pa 4, zolembedwa pa 22 mwezi womwewo. Pa tsiku la msonkhano sipanalembedwe maminitsi. Zili m'munsizi zachokera kwa mamembala asanu omwe analipo, uthenga woitanira msonkhano, ndi buku la msungichuma. Sizinavomerezedwe ndi komiti."

Madeti awiriwo aoneke onse. Kuika deti ya msonkhano pa pepala lolembedwa pambuyo pake ndi chinyengo ngakhale zolembedwazo zitakhala zoona, ndipo tsiku lina wina akadzazindikira, buku lonse la komiti lidzakayikiridwa, ngakhale masamba omwe analembedwa mokhulupirika.

M'munsi mwake gawani nkhani malinga ndi kulimba kwa umboni. Mu chitsanzo chathu, onse asanu anena kuti panabwera mamembala 8 mwa 11, ndipo chithunzi chikuonetsa anthu omwewo. Zimenezi zilembedwe ngati zotsimikizika, ndipo muone m'malamulo a komiti yanu ngati chiwerengerocho chinali chokwanira kumanga mfundo. Onse asanu anenanso kuti komiti inagwirizana kuti ukonde wa udzudzu ukapezeka m'madzi ulandidwe. Iyinso ndi mfundo yolimba.

Pa ndalama mpamene asiyana. Awiri akuti K20,000, awiri akuti K15,000, ndipo mmodzi akuti sanamange. Palibe ngakhale mmodzi akukumbuka kukweza manja. Apa musawerenge mavoti a zokumbukira n'kusankha mbali yochuluka, ndipo musatenge pakatikati n'kulemba K17,500. Lembani momwe zilili: "Panatchulidwa K20,000 ndi K15,000. Mamembala sakugwirizana ngati komiti inamanga mfundo pa ndalamazi. Buku la msungichuma likuonetsa K15,000 yomwe inalandiridwa pa 9." Ndipo pa funso la wosunga ndalama za chindapusa, ngati palibe akukumbuka kuti linakambidwa, lembani kuti palibe akukumbuka. Mpata wopanda kanthu umayesa munthu kuti audzaze ndi zomwe zikumveka zanzeru, ndipo mayesero amenewa ndi oyenera kuwakana.

Pa mfundo zosagwirizanazo musalembe kuti wakuti ananena zakuti. Lembani chiwerengero chokha. Mayina akalowamo, mlovi uja amene anakuuzani zoona payekha adzakhala pa mavuto ndi bwana wake, ndipo ulendo wina sadzakuuzaninso kanthu. Tsamba limodzi kapena awiri ndi okwanira.

Chachisanu n'chiwiri: komiti ndiyo imapatsa pepala mphamvu

Zomwe mwalembazo zilibe mphamvu mpaka komiti itazimva. Pemphani wapampando kuti ziikidwe koyambirira kwa msonkhano wotsatira, ndipo ngati wotsatirawo uli kutali pamene anthu akulipitsidwa kale, pemphani msonkhano wapadera. Mlembi awerenge mokweza, m'zilankhulo zonse ziwiri ngati pakufunika, chifukwa si onse angawerenge okha.

Mfundo zotsimikizika zivomerezedwe ndi amene analipo pa msonkhano woyamba uja. Inu amene munali ku Namwera simungachitire umboni zomwe simunaone. Mfundo ya ndalama isakambidwe ngati mlandu wofuna kupeza amene akukumbuka bwino, chifukwa mkangano wotero sutha. Iikidwe ngati nkhani yatsopano, mamembala onse, inu nomwe, akambirane, akweze manja, manjawo awerengedwe, ndipo chiwerengero chilembedwe pamodzi ndi tsiku lomwe chindapusa chiyambe kugwira ntchito. Pomaliza wapampando ndi mlembi asaine pepala la zokumbukira lija ndi deti ya tsikulo, ndipo limatidwe m'buku la komiti pamalo pomwe maminitsi akanakhala. Wosatha kulemba adinde chala. Jambulani tsambalo ndi foni musanabalalike.

Pakutsala msodzi uja analipira K15,000. Komiti ikambe za iye padera ndipo ilembe chomwe yagamula. Ngati zaoneka kuti ndalama sinamangidwe pa msonkhano woyamba, chilungamo n'chakuti amubwezere kapena amufotokozere poyera lamulo lina lomwe analipitsidwa nalo. Kungoti mfundo ya lero ikhudzenso zam'mbuyo kumaphunzitsa asodzi kuti komiti imalipitsa kaye, lamulo n'kumapanga pambuyo.

Mukaona kuti akubisa

Zizindikiro zake sizivuta. Masiku 7 adutsa, mlembi akuti buku lili kwa wapampando, wapampando akuti lili kwa mlembi. Kapena buku labwera koma tsamba lang'ambidwa, kapena maminitsi a misonkhano itatu alembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi losatopa, ngati ntchito ya usiku umodzi.

Pamenepo lembani kalata ya pepala kwa wapampando. Tchulani tsiku la msonkhano, tsiku lomwe munapempha koyamba, ndi zomwe munayankhidwa, popanda mawu onyoza kapena kutchula wina kuti wakuba. Lembani makope awiri, ndipo wolandira asaine ndi kuika deti pa kope yanu. Perekani masiku ena 7. Zikakanika, tengani kope yanuyo kwa a gulupu ndi kwa mlangizi wa za usodzi wa dera lanu, ndipo pempho lanu likhale lomwe lija, lakuti komiti iitanidwe ndipo mfundo imangidwe poyera.

Ngati msonkhano unali wa ofesi ya boma, monga wa khonsolo ya Mangochi kapena woitanidwa ndi nthambi ya za usodzi, muli ndi njira ina. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu ufulu wopeza zomwe boma likusunga, ndipo lamulo la 2017 lokhudza ufulu umenewu linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Pempho limapita kwa ofisala woona zopereka uthenga pa ofesiyo, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndilo limayang'anira lamuloli. Koma lamulo limatulutsa pepala lomwe lilipo, silingabale lomwe silinalembedwe. Choncho m'kalata yanu onjezerani chiganizo chakuti ngati maminitsi a tsikulo kulibe, ofesi ikuyankheni motero polemba. Yankho limenelo mulisunge, chifukwa ndi limene mudzaimirire nalo popempha kuti nkhaniyo ibwererenso pa msonkhano.